Mphete Zitatu za Achimwene

Achimwene anga a Wilkins anafa Lachiwiri m'mawa, m'chaka cha 1924, m'shedi ya fodya ku Limbe. Belo la fodya limene ankalikweza ndi winchi, makina okwezera katundu, linabwerera pansi iwo ali m'munsi mwake. Kuima pamenepo sinali ntchito yawo. Iwo anali wodula zitsulo, koma nyengo ya fodya aliyense wa manja awiri ankaitanidwa kukakankha mabelo.

Uthenga unandipeza ku sukulu ya uphunzitsi ya amishoni, kutatsala miyezi isanu kuti ndimalize. Ndinatseka mabuku m'bokosi nditauza anzanga kuti ndibwera maliro akatha. Sindinabwererenso. Munthu amene ankandiphunzitsa sukuluyo ndi amene tinamukwirira, ndipo ndikaganiza zoimirira kutsogolo kwa ana n'kumawauza kuti masamu sanama, m'kamwa mwanga munkawawa.

Kwathu ku Manja, m'munsi mwa Soche, amayi anali ndi chinthu chimodzi chowagwiriziza: wolakwa anapezeka. Anali Che Waziri, mmisiri wachikulire amene anamanga winchiyo. Bwana Kingsford, injiniya wa kampani, ananena kuti mkuluyo analumikiza molakwa, ndipo apolisi anamutenga tsiku lomwelo. Amayi ankatchula dzina lake posesa, potunga madzi, ngakhale popemphera. Inenso ndinkalitchula. Che Waziri ndi amene anaphunzitsa achimwene kugwira tupa, ndipo zimenezo zinkangowonjezera ukali wanga.

Patapita sabata, akazi a Che Waziri, a Halimatu, anabwera. Sanalowe pabwalo. Anaima pa mtengo wa mapeyala, nsalu itafunda kumutu, mapazi ali fumbi lokhalokha la msewu wa ku Limbe. Amayi atawazindikira analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

A Halimatu anandiuza kuti woweruza wa ku Boma abwera kushedi Lachisanu kudzaona makinawo. Akapeza kuti ndi amuna awo, ndiye kuti ndende ya ku Zomba. Amuna awowo anali ndi chifuwa cha zaka zitatu, ndipo atangokhala masiku asanu ndi awiri m'chitokosi anali atayamba kale kulavula magazi.

"Ku Zomba sakafikako n'kubwerako, mwanangu. Akuti inu mumawerenga pepala la azungu."

"Kuwerenga kwanga sikudzutsa munthu, mayi."

"Sindikupempha za wakufa."

Ndinawayankha kuti alibe manyazi. Anagwedeza mutu ngati akuvomereza, nabwerera njira imene anadzera.

Lachinayi ndinapita ku Limbe. Amayi ndinawauza kuti ndikukatenga jekete ndi zida za achimwene, ndipo zinali zoona. Koma ndinkafunanso kuona ndi maso anga pamene mkuluyo analakwitsa, kuti a Halimatu akadzabweranso ndidzawalozere chala.

Ndinafika masana, Bwana Kingsford atapita kukadya ku Mandala. Ndinapeza a Mohamedi, amene ankadula zitsulo benchi limodzi ndi achimwene. Anandipatsa jekete lija atalipinda bwinobwino, kenako ananditengera pakona pamene anaunjika winchi yophwasulidwa.

Makinawo sanali ovuta kuwamva. Panali mtanda wachitsulo wozungulira, wokulunga tcheni. Kumapeto kwake kunali gudumu la mano. M'kabokosi kachitsulo kotsekeka munali kachitsulo kamene amisiri ankakatcha chala. Belo likamakwera, chalacho chinkagwera m'mano a gudumu, kuti anthu akasiya kupukusa, belo lisabwerere. Pakati pa phewa la mtanda ndi gudumulo pankayenera kukhala paipi imodzi ya mainchi khumi ndi awiri, yoti gudumu likhale moyang'anizana ndi chala. Paipi yochokera kunja inafika yosweka. M'shedi munali zidutswa zifupizifupi zokha, choncho Bwana Kingsford anajambula mphete zisanu ndi imodzi, iliyonse ya mainchi awiri, zoti azisanjikize. Zitatu anadula a Mohamedi, zitatu achimwene. Che Waziri anangozilowetsa, kumanga, n'kumvetsera chala chikulira m'kabokosi muja.

Pulani inali yokhomedwa pakhoma, itada ndi mafuta. Pansi pa chithunzi cha mphete panalembedwa:

|x − 2| ≤ 1/32

Ndinaziona zimenezo mtima unandilasa, chifukwa ndinaziphunzira mwezi womwe uja. Mizere iwiri yoimirira imafunsa chinthu chimodzi: mphete yako yasiyana bwanji ndi mainchi awiri? Siisamala kuti yatalika kapena yafupika. Ingofuna kuti kusiyanako kusapose gawo limodzi mwa magawo 32 a inchi, ndiko kamzere kamodzi pa rula ya m'shedimo.

A Mohamedi anati mizere iwiriyo iwo amaitcha khola. Sadziwa kuwerenga, koma khola amalidziwa: kamzere kamodzi, osapitirira. Anati Bwana anayeza mphete zonse imodziimodzi ngozi itachitika, ndipo zonse zinali m'khola. N'chifukwa chake anagwira Che Waziri. Ngati zidutswa zili bwino, wolakwa ndi wolumikiza.

Ndinatenga rula n'kuyeza ndekha. Yoyamba inapitirira ndi kamzere kamodzi. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu. Zonse zisanu ndi imodzi zinali m'khola ndithu, koma zonse zitatsamira mpanda umodzi, wa kutalika. Panalibe ngakhale imodzi yofupika.

Ndinafunsa chifukwa chake. A Mohamedi anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wofunsidwa chifukwa chimene amathawira njoka.

"Inu a sukulu. Chitsulo chikatalika, umapala. Chikafupika, umachitani? Umachikoka?"

Ndinati pulani ikulola kufupika ndi kamzere kamodzi.

"Pulani ikulola. Kapitawo salola. Akaona kuwala pakati pa chitsulo ndi rula, chidutswa chimaponyedwa panja, iwe pambuyo pake. Chaka chatha anachotsa awiri. Ndiye tonse timasiya nyama pang'ono, chitsulo chizitalikirapo. Che Waziri anatiphunzitsa choncho, iwonso anaphunzitsidwa choncho. Achimwene anu ndiye ankasiya mosamala kuposa tonse. Ankati, ine ndili ndi mwana ku sukulu."

Mwana ku sukuluyo ndinali ine.

Ndinayang'ananso pulani. Pakona, m'zilembo zing'onozing'ono, panali khola lina, la malo a gudumu: |y − 12| ≤ 4/32. Chala chinali chonenepa timizere tisanu ndi titatu, mano a gudumu chimodzimodzi. Gudumu likasuntha timizere tinayi, theka la chala limakhala likugwirabe, ndipo Bwana anawerengera kuti theka ndi lokwanira. Koma mphete zinali zisanu ndi imodzi, iliyonse yololedwa kamzere kake. Zikalakwira mbali zosiyana, zolakwazo zimadyana. Zikalakwira mbali imodzi, zimasanjikizana mpaka timizere tisanu ndi kamodzi. Pepala lomwelo linkalola tisanu ndi kamodzi pakati, n'kumafuna tinayi pakona.

Ndinasanjikiza mphetezo pabenchi, imodzi pamwamba pa inzake, n'kuimika rula yaitali pambali. Ndinayembekeza timizere tisanu ndi kamodzi. Ndinapeza tisanu ndi tiwiri. Ndinapukuta fumbi pakati pa mphete, n'kuyezanso. Tisanu ndi tiwiri. Ndiye kuti kwa miyezi itatu chimangire winchiyo, mabelo onse a m'shedimo ankalendewera pa kamzere kamodzi ka chitsulo. A Mohamedi anandionetsa chala chija. M'mphepete mwake munali mutabenthuka kachidutswa kochepa ngati chikhadabo chowengedwa.

Kamzere kachisanu ndi chiwiri kanandisautsa. Mmisiri aliyense ankakhoma chizindikiro chake pa ntchito yake: a Mohamedi kamtanda ka mizere iwiri yopingasana, achimwene timadontho titatu. Ndinapatula mphete, zitatu uku, zitatu uku, milu iwiri yoyandikana. Sipanafunikenso rula. Mulu wa timadontho unali wautali. Wa a Mohamedi unapitirira ndi timizere titatu, wa achimwene tinayi.

Pa mphete imodzi kusiyanako kunali gawo limodzi mwa magawo atatu a kamzere. Rula ya m'shedimo siingaonetse zimenezo, diso limatha kuphonya mpaka theka la kamzere. Bwana mwiniwake anaziyeza n'kuzivomera. Zinaonekera pokhapokha zitaima pamodzi.

A Mohamedi anayang'ana milu iwiri ija nthawi yaitali. Kenako anaisakaniza ndi dzanja, nati iwo sanaone kanthu, ndipo inenso ndisaone kanthu.

Ndinapempha kuona Che Waziri madzulo omwewo. Wapolisi anandilola kuyankhula nawo pawindo la chitokosi, poganiza kuti ndabwera kudzatukwana. Anali atachepa thupi. Anafunsa za amayi poyamba, kenako ngati manda tinawaika miyala. Nditawafotokozera za mphete, anatseka maso. Anati iwo anamva chala chikulira bwinobwino, anakweza mabelo awiri poyesa, ndipo chinagwira. Kabokosi kanabwera kotseka kuchokera kunja, munthu sungaone m'kati. Nditanena za milu iwiri, anatsokomola mpaka anagwira chitsulo cha pawindo.

"Zimenezo musakanene. Mwana uja ndinamuphunzitsa ndine kusiya nyama. Amayi anu atsala ndi dzina lake lokha."

Ndinawauza kuti sindinabwere kudzawafunsa nzeru. Mawu anga anatuluka oipa kuposa mmene ndinkafunira. Ndinkafunabe kudana nawo, ndipo zinkandikanika.

Lachisanu amayi anavala nsalu yakuda n'kunditsatira ku Limbe. Anati akufuna kumva ndi makutu awo. Tebulo analiika pakati pa shedi, fungo la fodya lili tho. Woweruza anali mzungu wotopa, wa mphuno yopsa ndi dzuwa. Che Waziri anawakhazika pansi pa simenti. A Halimatu anaima pakhomo. Amisiri anaimirira kukhoma, zipewa zili m'manja.

Bwana Kingsford anayankhula bwino. Sanali munthu waukali, anali wamng'ono ndithu, mwina wamkulu kwa ine ndi zaka zisanu, ndipo pulani yake ankaikonda monga ine ndinkakondera mabuku anga. Anatenga mphete imodziimodzi, kuyeza, kuonetsa woweruza. Zonse m'khola. Anati chotsala n'chimodzi, dzanja la wolumikiza.

Woweruza anafunsa ngati a kubanja ali ndi mawu. Ankayembekeza kulira. Ndinaimirira n'kupempha m'Chingerezi kuti andibwereke choko.

Ndinalemba pa chitseko cha shedi khola la mphete, kasanu ndi kamodzi, mzere pansi pa mzere. Pansi pake ndinalemba |y − 12| ≤ 6/32, pambali pake khola la pakona ya pulani, la 4/32. Ndinati zonse ziwirizi zachokera papepala limodzi. Mphete iliyonse ingathe kumvera lamulo lake, gudumu n'kukhalabe kunja kwa lamulo lake. Kuti zigwirizane, mphete iliyonse inayenera kuloledwa magawo awiri okha mwa atatu a kamzere, kapena wina anayenera kuyeza zonse pamodzi asanatseke.

Bwana Kingsford anafiira khosi. Anauza woweruza kuti mnyamatayu akunena zoona za papepala, koma m'ntchito zolakwa zimagwera uku ndi uku, ina yaitali, ina yaifupi, n'kuthetsana. Kuti zonse zisanu ndi imodzi zigwere mbali imodzi n'zosayembekezeka.

Ndinati, "Bwana, m'shedi muno simufupika chitsulo. Funsani kapitawo zimene amachita ndi munthu wofupikitsa."

Kapitawo anayang'ana padenga. Ndinasanjikiza mphete patebulo la woweruza n'kumupatsa rula. Anawerama, nayeza yekha, nawerenga mokweza. Timizere tisanu ndi tiwiri.

Ndinaona nkhope ya Bwana Kingsford ikusintha kawiri. Poyamba anachita mantha. Kenako anawerengera mumtima, napeza khomo.

Anati tisanu ndi tiwiri si tisanu ndi kamodzi. Pulani yake siilola kufika pamenepo. Ndiye kuti wina anadula kunja kwa khola. Ngati si wolumikiza, ndi wodula. Anatembenuka n'kufunsa kuti wodula mphetezi ndani, ndipo kapitawo, posangalala kuti funso lachoka pa iye, analoza a Mohamedi.

Ndinayesa njira ina. Ndinati rula imeneyi munthu angaphonye nayo theka la kamzere pa muyeso uliwonse, ndipo miyeso isanu ndi umodzi ingabise timizere titatu. Mphete zooneka zabwino zonse zingafike mpaka tisanu ndi tinayi popanda wina kudziwa. Palibe mmisiri amene akanaona ndi chida chimene anapatsidwa. Woweruza anamvetsera, nati zimenezo wazimva, koma munthu wafa, ndipo chitsulo china n'chachitali kuposa mmene chinalembedwera. Anauza wapolisi kuti aimike a Mohamedi pafupi ndi Che Waziri. Anati ngati sizidziwika, onse awiri apite ku Zomba mlandu ukaonedwe kumeneko.

A Mohamedi anayenda osandiyang'ana. Akanatha kunena za timadontho. Anali ndi ana anayi ku Mpingwe, koma sanatsegule pakamwa. Che Waziri anandiyang'ana n'kupukusa mutu pang'ono, kundiletsa.

Amayi anali kumbuyo kwanga. Chingerezi sankachimva, koma timadontho titatu ankatidziwa. Achimwene anatikhoma pa mpeni wawo wa kukhitchini, pa chitseko, ngakhale pa bokosi langa la ku sukulu.

Ndinapatula mphete zija. Zitatu za mtanda uku, zitatu za timadontho uku. Ndinakankha milu iwiriyo mpaka inagundana, n'kugoneka rula pamwamba pake. Inapendekeka.

"Izi anadula ndani?" anafunsa woweruza.

"Malemuwo, Bwana. Achimwene anga."

Ndinapitiriza msanga, mawu akuthamangitsana. Ndinati ngakhale mphete za achimwene zikanakhala ndendende ngati za a Mohamedi, gudumu likanasuntha timizere tisanu ndi kamodzi, kuposa tinayi tololedwa, ndipo chala chikanagwira ndi timizere tiwiri basi. Kamzere ka achimwene kanali kamodzi. Tisanu ndi kamodzi tinali ta pulani. Ndinanena kawiri. Ndinaloza pa chitseko pamene ndinalemba.

Woweruza anali atayamba kale kulemba. Ndinaima pafupi moti ndinkaona cholembera chikuyenda. Analemba kuti imfayo inali ngozi, yochokera ku zidutswa zimene malemu mwiniwake anadula mopitirira muyeso. Analemba kuti Waziri amasulidwe. Za pulani analemba mzere umodzi, kuti kampani iunikenso kamangidwe ka winchi. Bwana Kingsford anachotsa pulaniyo pakhoma, naipinda kanayi, naiika m'thumba la malaya. Podutsa pa chitseko anaima kanthawi n'kuwerenga choko changa. Sanafufute.

Amayi anandifunsa m'Chinyanja kuti mzunguyo walemba chiyani. Ndikanatha kuwapatsa theka. Ndinawauza zonse.

Sanalire. Anayang'ana Che Waziri akuwamasula chingwe, nayang'ana ine.

"Mkulu wako anakutumiza ku sukulu kuti udzamuchite zimenezi?"

Anatuluka okha. Ndinawatsatira patali msewu wonse mpaka ku Manja, ndipo sanacheuke.

Che Waziri sanabwererenso kushedi, kampani inati akalamba. A Halimatu anawatengera kwawo ku Chiradzulu. Mkuluyo anakhala ndi moyo mvula zina ziwiri, ndipo anafera pamphasa pawo, ana awo atawazungulira. Asananyamuke kupita ku Chiradzulu, anabwera ku Manja kudzatsanzika. Anaima pa mtengo wa mapeyala uja, kupuma kukuwavuta. Amayi sanatuluke. Mkuluyo anandipatsa kathumba kolemera, nati a Mohamedi anatola pa mulu wa zitsulo zotayidwa kapitawo asanaone.

Munali mphete zitatu za timadontho.

Ndinawafunsa ngati akuganiza kuti ndinachita bwino. Anati funso limenelo munthu womasulidwa sangaliyankhe moona. Kenako anatenga mphete imodzi, naipukuta ndi chala chachikulu kumaso kwake kumene tupa linadutsa.

"Taonani kusalala kwake. Palibe wina m'shedi muja ankatha chonchi."

Amayi anayamba kundiyankhula patapita miyezi iwiri, za nkhuni ndi za denga. Za tsiku lija sitinakambepo. Mphetezo ndinaziika m'bokosi la mabuku, limene anzanga ananditumizira kuchokera ku sukulu. Tsiku lina pobwera kumunda ndinapeza bokosi lili lotsegula, amayi atakhala pakhonde, mphete imodzi ili pamwendo pawo. Anandifunsa kuti kutalika kumene ankanenako kuli pati. Ndinawauza kuti pa imodzi sikuoneka. Anaitembenuza, naiyang'ana mbali zonse, naibweza m'manja mwanga.

"Ndiye undisiyire imodzi yomweyi," anatero. "Zinazo usazibweretse pafupi."